Kusuzumira pa mpanda wa bango: mmene khadi lofooka limafikira 4K

Loweruka lina madzulo mwana wa mlongo wanga adandikoka dzanja ndisanakhale n'komwe pansi. "Malume, tabwerani mudzaone zimene yachita kompyuta yanga mumainyoza ija." Adali atailumikiza ku TV yaikulu ya pabalaza, ya 4K, ndipo gemu yake ya mumzinda wa usiku inkayenda myaa, nyali za mumsewu zikuwala m'zithaphwi za mvula. Ndidadabwa, chifukwa khadi la zithunzi la m'kompyuta imeneyo ndi lakale, adaligula kwa munthu wina amene adali atalitopetsa kale. Sabata imodzi m'mbuyomo gemu yomweyo inkayenda modukizadukiza ngati ngolo pa msewu wokumbika. Sadagule chilichonse chatsopano. Adangosintha mzere umodzi m'menyu.

Adaimitsa munthu wa m'gemuyo pakona ya msewu kuti ndione bwino, ndipo kunena zoona chithunzicho chidali chakuthwa, zikwangwani zakutali zikuwerengeka. Ndidati, "Tayenda, utembenuze kamera msangamsanga." Atatero, mawaya amagetsi a pamwamba pa msewu adayamba kuduka ndi kulumikizika okha, mpanda wa waya udayamba kuthwanima, ndipo galimoto imene idadutsa idasiya kamthunzi kake kakuitsata pambuyo. Iye adangoseka. "Zimenezo musaziyang'ane, malume."

Koma zimenezo n'zimene ndikufuna tiziyang'ane, chifukwa m'menemo ndi mmene mwabisala mtengo wa chinthu chimene chimaoneka ngati chaulere.

Tiyambe ndi ntchito imene khadi la zithunzi limagwira. Chithunzi cha pasikirini chimapangidwa ndi timadontho ta kuwala, timene odziwa makompyuta amati mapikiselo. Sikirini ya 1080p ili ndi madontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, onse pamodzi 2,073,600. Ya 1440p ili ndi 3,686,400. Ya 4K ili ndi 3840 chopingasa ndi 2160 chotsika, ndiye kuti 8,294,400, kuwirikiza kanayi ya 1080p ija. Filimu imabwera itajambulidwa kale, kompyuta imangoionetsa. Gemu si choncho. Dontho lililonse khadi liyenera kuliwerengera mtundu wake pompopompo, poona kumene kuwala kukuchokera, kumene mthunzi ukugwera, ngati khomalo ndi lonyowa kapena louma. Likamaliza chithunzi chimodzi, chimene osewera amati fulemu, limayamba china. Kuti gemu iyende bwino pa mafulemu 60 pa sekondi, fulemu iliyonse iyenera kutha m'mamilisekondi 16.7. Khadi limene limakwanitsa munda wa madontho mamiliyoni awiri m'nthawi imeneyi mukalipatsa munda wa mamiliyoni asanu ndi atatu, dzuwa limalilowera lisadafike pakati.

Nzeru ya kukulitsa chithunzi, imene m'menyu ya magemu imapezeka pansi pa mawu ngati Upscaling kapena Resolution Scaling, ndi yakuti khadi lilime kamunda kakang'ono, kenako pulogalamu ina ikulitse chithunzicho kuti chidzaze sikirini yonse. Mayina amene mudzakumane nawo ndi atatu: DLSS ya kampani ya Nvidia, FSR ya AMD, ndi XeSS ya Intel. Pansi pa dzinalo pamakhala masitepe osankha. Mu DLSS ndi FSR, mukasankha Quality, khadi limajambula magawo awiri mwa atatu a m'litali ndi m'lifupi mwa sikirini. Mukasankha Performance, limajambula theka la mbali iliyonse. Apa ambiri amasokonezeka: theka la m'litali ndi theka la m'lifupi si theka la chithunzi, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa TV ya 4K, Performance imatanthauza kuti khadi likujambula 1080p basi, ndipo pa madontho anayi alionse amene mukuona, atatu sadajambulidwe m'fulemu imeneyo. Achokera kwina.

Kumene achokera ndiye nkhani yonse.

Njira yakale ndi yosavuta kumva. Pulogalamu imatenga fulemu imodzi yaing'ono, n'kuitambasula, n'kudzaza mipata poyang'ana madontho oyandikana nawo. Ngati kumanzere kuli kofiira, kumanjanso kofiira, pakati pakhale pofiira. Kenako imanola m'mphepete mwa zinthu kuti chithunzi chisaoneke ngati chapakidwa mafuta. FSR yoyamba, imene idatuluka mu June 2021, imagwira ntchito motere. Ndi yopepuka ndipo imayenda pafupifupi pa khadi lililonse; poilengeza, a AMD adaionetsa ikuyenda ngakhale pa GTX 1060, khadi la opikisana nawo la mu 2016. Koma malire ake ndi oonekeratu. Chimene sichidagwidwe m'fulemu yaing'ono ija sichingabwere. Ngati chikwangwani chakutali chidangotuluka ngati kabanga kotuwa, kutambasula ndi kunola kumangokupatsani banga lalikulu lakuthwa m'mbali. Zilembo zake simudzaziwerenga.

Njira imene idasintha zinthu imabwereka ku nthawi. Amene adasuzumirapo pa mpanda wa bango aimva msanga. Mukaika diso pamalo amodzi, mumangoona timizere ta bwalo la mkatimo kudzera m'mipata. Koma mukamasuntha mutu pang'onopang'ono uku ndi uku, mpata uliwonse umakuonetsani kachigawo kena, ndipo posakhalitsa mwaliona bwalo lonse, mtondo, nkhokwe ndi mbuzi yomangidwa pachikhomo, ngakhale kuti palibe mphindi imene mudaziona zonse pamodzi. Gemu imachita chimodzimodzi. Pa fulemu iliyonse imagwedeza kamera pang'ono kwambiri, mtunda wosakwana dontho limodzi, moti wosewera sazindikira. Motero fulemu iliyonse yaing'ono imagwira tizigawo tosiyana pang'ono ndi timene idagwira inzake. Pulogalamu yokulitsa imasunga zimene yaona, n'kumaziwunjika mpaka zitakwana chithunzi chachikulu. Mu FSR 2, malangizo a AMD kwa opanga magemu amati kamera idutse malo 18 osiyana pa Quality ndi malo 32 pa Performance isanabwerere poyambira.

Pa mpanda paja zimatheka chifukwa mtondo ndi nkhokwe sizisuntha. Nanga mbuzi ikaduka chingwe n'kuyamba kuthamanga? Apa gemu imathandiza ndi zinthu ziwiri zimene imazidziwa kale, popeza ndi yomwe ikuyendetsa dziko lonselo. Imapereka mapu osonyeza kumene dontho lililonse lidali m'fulemu yapitayo, ngati timivi tolozera kumbuyo, ndiponso mapu osonyeza kuti chinthu chilichonse chili kutali bwanji ndi kamera. Ndi timivi timeneti pulogalamu imakoka chithunzi chakale n'kuchiika pamene zinthuzo zafika tsopano, kenako n'kuchisakaniza ndi fulemu yatsopano. Pa dontho lililonse pamakhala mlandu woweruza: kodi zakale zija zikadali zoona pano, kapena zitayidwe? Ubwino wonse ndi zolakwa zonse za njira imeneyi zimatuluka pa chigamulo chimenechi, chimene chimaperekedwa kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Makampani atatu aja amasiyana pa woweruza. Mu FSR 2, imene idayamba kuoneka mu May 2022 m'gemu ya Deathloop, malamulo oweruzira adalembedwa ndi anthu, ndipo imayenda pa makhadi a makampani onse. Mu DLSS woweruza ndi pulogalamu yophunzitsidwa: idaonetsedwa zithunzi zazing'ono zambirimbiri pamodzi ndi zinzake zazikulu zangwiro mpaka idazolowera mmene waya, tsitsi kapena tsamba ziyenera kuonekera. Imayendera tizigawo tapadera ta m'khadi totchedwa Tensor, timene timapezeka m'makhadi a RTX, kuyambira pa RTX 20 a mu 2018. XeSS, ya mu 2022, nayonso ndi yophunzitsidwa. Imayenda mokwanira pa makhadi a Intel Arc, ndipo pa makhadi ena imayenda mwa mtundu wina wopepukirapo.

Si kuti zidayamba bwino. DLSS yoyamba itafika m'magemu a Battlefield V ndi Metro Exodus kumayambiriro kwa 2019, anthu adaidandaula kuti chithunzi chikuoneka ngati mukuyang'anira pagalasi la nthunzi, ndipo oyesa makhadi ena adasonyeza kuti kungotsitsa madontho n'kunola pang'ono kunkapereka chithunzi chofanana nacho kapena choposa. Inkafunanso kuphunzitsidwa payokha pa gemu iliyonse. Zidasintha mu 2020 ndi DLSS 2.0, imene idatsamira pa njira yowunjika mafulemu ija. Ndipo lingaliro lojambula zochepa n'kudzaza zotsala silidayambire pa makompyuta okha. PlayStation 4 Pro ya mu 2016 inkafika pa 4K m'magemu ambiri pojambula theka la madontho mosinthanasinthana ngati mabokosi a bolodi la drafuti.

Tsopano tiwerengere phindu lake, chifukwa silikula monga mmene munthu angaganizire. Manambala otsatirawa ndi ongochitira chitsanzo, koma kawerengedwe kake ndi kamene kamachitikadi. Tinene kuti muli ndi sikirini ya 1440p, ndipo khadi lanu limatenga mamilisekondi 25 pa fulemu imodzi, ndiye kuti mafulemu 40 pa sekondi. Mwa mamilisekondi 25 amenewa, si onse amene amapita ku madontho. Tinene kuti 5 amapita ku ntchito zosadalira kukula kwa chithunzi, monga kukonza maonekedwe a nyumba ndi anthu komanso mapu a mithunzi, ndipo 20 ndiwo a madontho. Mukasankha Quality, khadi limajambula pafupifupi 1707 kwa 960, amene ndi magawo 44 pa 100 a madontho onse. Choncho 20 uja amatsika kufika pafupifupi 9. Koma pulogalamu yokulitsa nayo imadya nthawi, tinene 2. Tikaphatikiza 5, 9 ndi 2 tikupeza 16, ndipo mwafika pa mafulemu 62. Mwawoloka mzere wa 60 uja osagula khadi lina.

Mukatsikira pa Performance, khadi likujambula 1280 kwa 720. Apa 20 uja wasanduka 5, ndipo zonse pamodzi ndi 12, mafulemu 83. Taonani: madontho mwawadula kanayi, koma liwiro langowirikiza kawiri. Mamilisekondi 5 aja ndi 2 aja sasuntha, ngati lendi ya nyumba imene imakhala yomweyo kaya mwagulitsa zambiri kaya zochepa. Mukapitirira kutsika, mukutaya ubwino wambiri wa chithunzi pogula liwiro locheperachepera.

Lendi imeneyi ndi imene imapweteka khadi lofooka. Nthawi imene pulogalamu yokulitsa imadya imadalira kukula kwa chithunzi chomaliza ndi mphamvu ya khadi. Pa khadi lamphamvu ndi kanthu kochepa. Pa khadi lakale lokankhidwira ku sikirini yaikulu, 2 uja akhoza kukhala 6, ndipo m'chitsanzo chathu chija Quality ingakupatseni mafulemu 50 m'malo mwa 62. Ichi n'chifukwa chake ena amayatsa XeSS kapena FSR pa kalaputopu kofooka n'kupeza kuti chithunzi chafewa koma liwiro langokwera pang'ono.

Tibwerere ku zimene ndidaona pa TV ija, chimodzichimodzi, popeza chilichonse chili ndi chochititsa chake.

Kamthunzi kotsata galimoto kaja osewera amakatcha mzukwa. Kamabwera woweruza akakhulupirira zakale mopitirira. Galimoto yachoka pamalopo, pamenepo tsopano ndi phula, koma pulogalamu yasungabe pang'ono mtundu wa galimotoyo kwa mafulemu angapo. Zimachitika kwambiri ndi zinthu zimene gemu siziperekera timivi ta kayendedwe: utsi, mvula, nthethe za moto, mbalame zazing'ono zakutali, ndi chithunzi chooneka m'madzi kapena m'galasi. Timivi timanena za kayendedwe ka madziwo, osati ka nyumba imene ikuonekera m'madzimo. Opanga gemu akhoza kuiuza pulogalamu kuti malo akutiakuti isamadalire zakale, ndipo pamene adachita zimenezi mosamala mzukwa umachepa. Motero FSR yomweyomweyo imaoneka bwino m'gemu ina, m'gemu ina n'kukhala yosautsa.

Cholakwa chachiwiri ndi chosemphana ndi chimenechi. Munthu wa m'gemu akamathamanga, kumbuyo kwake kumavundukuka malo amene mphindi yapitayo adali obisika. Malo amenewa alibe mbiri. Palibe fulemu yakale imene idawaona, ndiye pulogalamu imangotsala ndi madontho ochepa a fulemu yaing'ono ya pompano. Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa munthu wothamanga kapena wa lupanga lozunguzidwa, muona kamzere ka tinthu tonga mchenga kapena timabokosi, kamene kamazimiririka akangoima. Pa Quality n'kovuta kukaona. Pa Performance, makamaka kumbuyo kukakhala udzu kapena masamba, kamaoneka ngati munthuyo wazunguliridwa ndi njuchi.

Chachitatu ndi mawaya aja. Waya wakutali ndi wowonda kuposa dontho limodzi la chithunzi chaching'ono. Pamene kamera ikugwedezeka, fulemu ina imamugwira, ina imamuphonya. Mukaima, pulogalamu imawunjika zidutswazo n'kutulutsa waya wathunthu wokongola, nthawi zina woposa amene mukadamuona popanda kukulitsa. Mukayenda, imalephera kutsimikiza ngati kadontho kakuda kameneka ndi waya kapena ndi zotsalira zofunika kutaya, ndiye wayayo amaphethira. Mipanda ya waya, malata a padenga akutali, tsitsi, nthambi zopanda masamba ndi mizere ya pamsewu zonse zimavutika motere. Pa mfundo imeneyi mapulogalamu ophunzitsidwa aja akhala akuchita bwino kuposa a malamulo olembedwa ndi manja, ndipo sizodabwitsa kuti AMD nayo idatembenukira komweko ndi FSR 4, imene idatuluka mu March 2025 pamodzi ndi makhadi a RX 9070.

Palinso kutayika kwina kosachita phokoso. Poyenda, zinthu zosalala pang'ono monga njerwa, nsalu ndi khungu la nkhope zimafewa, timizere take n'kusungunuka, kenako n'kubwerera mukaima. Ambiri sadziwa kuti n'chiyani chasintha, amangomva maso kulemera. Menyu zambiri zili ndi Sharpness yoti munolere chithunzi. Pang'ono imathandiza. Mukaikweza kwambiri, zinthu zimayamba kukhala ndi mzere woyera m'mbali, ndipo kuthwanima kuja kumawonjezeka, chifukwa kunola sikusankha chabwino ndi choipa.

Kuti tisaipitse mbali imodzi, ndinene kuti chithunzi chimene anthu amachitcha chenicheni, chojambulidwa dontho ndi dontho, nachonso m'magemu ambiri amakono chimadutsa m'njira yosakaniza mafulemu yotchedwa TAA, yochotsa mano a sowo m'mphepete mwa zinthu. Nayo imafewetsa, nayo ili ndi mizukwa yake. Ndiye pa 4K, DLSS pa Quality kawirikawiri imafanana ndi chithunzi chenichenicho, penanso kuchiposa. Amene amati kukulitsa konse ndi chinyengo sadayerekeze bwino. Zolemba za pamenyu, mapu a pakona ndi manambala a zipolopolo nazo zimakhala zakuthwa, popeza gemu yopangidwa bwino imazijambula pambuyo pa kukulitsa, pa madontho onse a sikirini.

Koma tsopano tafika pamene nkhaniyi imandiwawa. Mawu oti Performance ndi amodzi pamenyu, koma satanthauza chinthu chimodzi. Pa 4K pulogalamu imayambira pa madontho 2,073,600, chithunzi chokwanira kale pachokha. Pa sikirini ya 1080p, Performance yomweyo imayambira pa 960 kwa 540, madontho 518,400 okha. Ngakhale Quality pa 1080p imayambira pa 720p. Waya amene adali wowonda pa 1080p, pa 540p ndiye kulibe. Nkhope ya mdani wakutali ndi timadontho towerengeka. Mipata ya mpanda ija yachepa kwambiri moti ngakhale musunthe mutu chotani, mbuzi yothamanga simuiona bwino.

Onjezanipo liwiro. Njira imeneyi imadya mafulemu, ndipo ikamalandira ambiri pa sekondi, kusiyana kwa fulemu ndi inzake kumakhala kochepa, kulumikiza n'kosavuta. Malo 32 aja a Performance kamera imawamaliza m'theka la sekondi pa mafulemu 60, koma pa mafulemu 30 imatenga kupitirira sekondi yathunthu, ndipo pakati pa fulemu ndi fulemu galimoto imakhala itadumpha mtunda wowirikiza kawiri. Ndiye munthu wa khadi lofooka kwambiri, wa sikirini ya 1080p, amene gemu ikumuyendera pa mafulemu 25, amene akufunitsitsa thandizo kuposa wina aliyense, ndi amene amalandira chithunzi choipitsitsa. Ndipo ngati khadi lake ndi GTX 1060, GTX 1650 kapena RX 580, amene akadali ambiri m'makompyuta ogulidwa kwa ena, DLSS sangaiyatse n'komwe, FSR 4 idatulukira makhadi atsopano. Chimene amatsala nacho ndi mitundu yakale. Kukulitsa kumakweza bwino khadi lapakati kuti lichite za khadi lalikulu. Khadi lotheratu kumangolichedwetsera maliro.

Opanga magemu nawo azolowera. Alan Wake 2 itatsala pang'ono kutuluka mu 2023, ndandanda ya makompyuta oyenera gemuyo idalembedwa poganiza kuti DLSS kapena FSR ikhala yoyatsa, ngakhale pa 1080p. Opanga Remnant II, ya chaka chomwecho, adanena poyera kuti gemuyo adaipanga ndi kukulitsa m'maganizo. Chimene chidabwera ngati ndiwo yapadera chasanduka nsima. Mukamawerenga zofunika pa gemu musanagule, yang'anani ngati pambali pa 1080p ndi 60 paja palembedwa Quality kapena Performance, chifukwa pamenepo ndi pamene akukuuzani madontho enieni amene khadi lanu lidzajambule.

Pali matenda awiri amene mankhwala amenewa sachiza, ndipo ndi osavuta kuwazindikira. Oyamba ndi purosesa yofooka. Purosesa ndi imene imayendetsa anthu a mumsewu, magalimoto ndi malamulo a gemu, kenako n'kutuma khadi kuti lijambule. Ikamachedwa, khadi limangokhala manja lende kudikira. Yesani motere: yatsani chowerengera mafulemu, muime pamalo a anthu ambiri, musinthe kuchoka pa Quality kupita pa Performance. Nambala ikapanda kusuntha, vuto si khadi. Mapulogalamu ngati MSI Afterburner amasonyezanso kuti khadi likugwira ntchito yochuluka bwanji. Likamasewera cha m'ma 60 kapena 70 peresenti gemu ikuchedwa, bwererani pa Quality, chifukwa mukuipitsa chithunzi pachabe, ndipo muchepetse zinthu monga kuchuluka kwa anthu mumsewu.

Achiwiri ndi kuchepa kwa memole ya pakhadi. Kukulitsa kumapulumutsako pang'ono, koma zikopa za zinthu, ndiye kuti zithunzi zimene zimamatidwa pa makoma, zovala ndi nkhope, zimakhalabe zazikulu monga kale. Khadi la 4 GB kapena 6 GB likadzaza, gemu imagwidwa ntchofu mukangokhota pakona, ndipo khoma limayamba laoneka ngati phala kenako n'kukonzeka patapita kanthawi. Mankhwala ake ndi kutsitsa Texture Quality, osati kutsikira pa Ultra Performance.

Mzere wina umene umakhala pafupi m'menyu, Frame Generation, musausokoneze ndi kukulitsa. Umenewu udafika ndi DLSS 3 mu 2022 ndi FSR 3 mu 2023, ndipo ntchito yake ndi kupeka fulemu yathunthu pakati pa mafulemu awiri enieni. Maso amaona kuyenda kosalala, koma dzanja silipindula: gemu imamva batani lanu pa mafulemu enieni okha, ndipo imachedwerako pang'ono chifukwa chosunga fulemu imodzi podikira kupeka yapakati. Kukulitsa kumafupikitsa nthawi imene gemu imatenga kuti iyankhe dzanja lanu. Kupeka mafulemu sikutero. A AMD eni ake amalangiza kuti gemu ikhale ikufika kale pa mafulemu 60 musanayatse.

Ndiye asankhe chiyani munthu? Ine ndimaona motere. Pa 4K, Performance ndi yololeka, makamaka pa TV imene mwaikhalira patali, pamene diso silitha kutola timchenga tija. Pa 1440p, Quality ndi malo abwino, Balanced ngati mwapanikizika. Pa 1080p, Quality ndiye malire, ndipo musanafike pamenepo yambani mwatsitsa mithunzi, utsi ndi Ray Tracing, zimene zimadya khadi kwambiri koma kusowa kwake sikupweteka maso monga chithunzi cha 540p. Mtundu wa gemu nawo ndi wofunika. Gemu yoyenda pang'onopang'ono, yoyendayenda m'nkhalango kapena yomanga mizinda, imabisa zolakwazi. Gemu ya mpikisano wa magalimoto kapena yowomberana ndi anzanu pa intaneti imaziika poyera, chifukwa kamera sipuma, ndipo kadontho kakutali kamene pulogalamu yakafufuta kakhoza kukhala mutu wa mdani. Ngati khadi lanu limalola mitundu iwiri kapena itatu, yesani yonse m'gemu imeneyo, pamalo amodzi, mukuyenda njira imodzi. Dzina limene lidapambana m'gemu ya dzulo silitsimikiza za gemu ya lero.

Mwana wa mlongo wanga uja tidakangana naye pang'ono usiku umenewo. Iye ankafuna kuti pakona ya sikirini pazilembedwa 4K. Ine ndidamupempha kuti ayese kutsitsa gemuyo pa 1440p n'kusankha Quality, TV imalize yokha kotsalako. Madontho ojambulidwa adachepa pang'ono poyerekeza ndi 1080p ija, lendi ya pulogalamu yokulitsa idatsika, liwiro lidakwera, koma chithunzi chidafewerako chifukwa chakulitsidwa kawiri. Adayang'ana kanthawi, adayendetsa galimoto mpaka kumapeto kwa msewu, kenako adabwezera pa 4K Performance. "Mawaya amenewo ine sindiwombera, malume." Sindidamutsutse. Adaona mbali zonse ziwiri ndi maso ake, ndipo TV yake amaikhalira patali.

Chimene ndikupemphani inu ndi ichi. Zithunzi zimene amaonetsa otsatsa, ndi zimene angakuonetseni munthu wokugulitsani khadi kapena laputopu, zimakhala zoima, ndipo pa chithunzi choima kukulitsa kumaoneka kopanda banga. Tsekulani menyu muone ngati payatsidwa Quality kapena Performance, komanso ngati Frame Generation ikufufumitsa nambala ya mafulemu. Kenako pemphani mausi kapena padi mugwire nokha, mupite pamene pali mpanda wa waya, mitengo kapena mvula, muthamange uku mukutembenuza kamera kwa mphindi ziwiri. Ndalama mutulutse mutaona zimenezo.